Mwana wanga akukwanitsa zaka 7: ndimuuze chiyani pamaso pa anthu?

"Mwana wanga wamkazi akukwanitsa zaka 7 Loweruka likudzali. Takonza kaphwando kochepa pakhomo pano ku Salima, ndipo azakhali ake akuti ineyo monga mayi ndiyankhulepo keke isanadulidwe. Bambo ake ali ku Joni, sabwera. Ndalemba katatu konse koma zikumveka ngati mawu a pa ukwati. Mwanayu ali Sitandade 2, ndi wamanyazi, ndipo mano ake awiri akutsogolo angochoka kumene. Chonde ndithandizeni mawu oti ndikawerenge."

Mayi, ngakhale mapepala anu atatuwo sindinawaone, ndikudziwa mmene ayambira. Ayamba ndi kulonjera akuluakulu, kuthokoza abusa kapena ashehe, kuthokoza onse amene asiya ntchito zawo n'kubwera, ndipo dzina la mwana latulukira cha kumapeto kwa tsamba. Simunalakwe, umu ndi mmene tonse tinaphunzirira kuyankhula pagulu. Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa maliro timayamba ndi amene ali pamipando. Koma Lowerukali mwini tsiku ndi kamtsikana kamene kakhala patsogolo pa keke, miyendo ikulendewera pampando, ndipo mawu anu ayenera kulunjika kwa iko. Alendo amve nawo ngati anthu amene angopezeka pafupi mayi akuyankhula ndi mwana wake.

Ine ndaphunzitsa ana a Sitandade 1 ndi 2 kwa zaka zambiri kuno ku Nkhotakota, koma phunziro ili sindinalitenge m'kalasi. Ndinalitenga pakhomo panga. Mdzukulu wanga atakwanitsa zaka 7 anandipempha kuti ndiyankhule. Ndinafotokoza za usiku umene anabadwa: mvula inali kugwa, galimoto sinapezeke msanga, mayi ake anataya magazi ambiri ndipo tinatsala pang'ono kuwataya. Amayi amene anali pamkeka ankangoti "ee, zoonadi", ena akupukuta misozi, ine n'kumaona ngati ndayankhula bwino. Madzulo anthu atabalalika, mwana uja anabwera pamene ndinkatsuka mbale, anagwira chitenje changa nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Agogo, ndiye kuti amayi anafuna kufa chifukwa cha ine?" Funso limenelo limandipwetekabe. Pa zonse zimene ndinanena tsiku lija, iye anatolapo chimodzi, ndipo anachitola ngati mlandu wake.

Mwana wa msinkhu uwu amamva mawu monga mmene anenedwera, sawatembenuza. Mukati "tinavutika nawe", iye amamva kuti ndi wovutitsa. Mukaponya mwambi, ngakhale wodziwika ngati "m'mera mpoyamba", akuluakulu agwedeza mitu, koma iye aganiza za chimanga cha kudimba kapena saganiza kanthu n'komwe. Chimene amachigwira bwino ndi chinthu chooneka ndi maso: iye mwini, pamalo akutiakuti, akuchita chakutichakuti. Ndipo pa zaka 7 mwana wayamba kale kudzifunsa kuti anzake amamuona bwanji. Wakhala pasukulu chaka chathunthu, popeza ana athu amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Akudziwa kusekedwa, akudziwanso kuomberedwa m'manja. Mawu onenedwa pamaso pa anzake a m'kalasi amalemera kwa iye kuposa mmene amalemerera kwa mwana wa zaka 4.

Choncho musayambe ndi kulemba uthenga. Usiku uno, ana akagona, tengani kope mulembe zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene mwamuona mwana wanu akuchita kuchokera pamene anakwanitsa zaka 6. Zikhale zimene munaziona inuyo ndi maso anu, zoti mungathe kutchula tsiku lake kapena malo ake. Kenako chilichonse muchiyese ndi funso limodzi: kodi mayi wa nyumba yoyandikana nafe angawerenge chiganizo chomwechi kwa mwana wake osasintha kanthu? Ngati angathe, chifufuteni. "Ndiwe mwana wabwino, womvera, wanzeru" chimakwana mwana aliyense kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, n'chifukwa chake mwana akachimva sachimva ngati chake. Koma mukati, "Tsiku lija magetsi anazima mng'ono wako n'kuyamba kulira, iwe unamugwira dzanja mpaka ndinapeza kandulo," palibe mwana wina pansi pano amene chiganizo chimenecho ndi chake. Mudzaona nkhope yake ikusintha, chifukwa wazindikira kuti mayi ake anaona ndipo sanaiwale.

Pa zimene zatsala musankhepo zitatu basi. Ine ndimakonda kuti chimodzi chikhale chinthu chatsopano chimene waphunzira, china chikhale chosonyeza mtima wake kwa anthu ena, chachitatu chikhale nthawi imene anachita mantha koma anapirira. Zikapitirira zitatu ana enawo ayamba kukankhana, ndipo mwini wakeyo maso ake apita ku keke.

Pa chinthu chatsopanocho, pewani nambala ya mayeso. Ngati anakhala nambala 2 pa mayeso a teremu yatha, n'zosangalatsa, koma pamkekapo padzakhala mnzake amene anakhala nambala 60 ndiponso wina amene akubwereza kalasi, amayi awo ali pomwepo. Komanso mwana wanu adzamva kuti mumamunyadira chifukwa cha nambalayo, ndiye teremu imene idzatsike adzaopa kubwera nalo kunyumba lipoti. Tchulani ntchito imene anagwira: anayeserera kulemba dzina lake mpaka anatha, amawerengera mng'ono wake buku la Chichewa, waphunzira kumanga yekha zingwe za nsapato.

Mwandiuza zinthu ziwiri zofuna kusamala, manyazi ndi mano. Mawu akuti "wamanyazi" asatuluke pakamwa panu tsiku limenelo, ngakhale mowakometsera. Mwana akamva mayi ake akulengeza zimenezo pagulu, amalitenga ngati dzina, ndipo ndaona ana akulinyamula mpaka Sitandade 8. Musamuuze kuti aimirire yekha pakati pa bwalo, musamupatse maikolofoni kuti "ayankhulepo", musamufunse funso loti ayankhe anthu akumvetsera. Khalani pambali pake kapena gwadani kuti maso anu alingane ndi ake. Akabisa nkhope pachitenje chanu, pitirizani kuwerenga. Makutu ake ali otseguka.

Za mano, kuchoka kwa mano akutsogolo pa zaka 6 kapena 7 ndi kukula kumene, atsopano ali m'njira. Ana ena amanyadira mpatawo, amaonetsa aliyense ndi kufotokoza mmene anaponyera dzino padenga. Ena amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja chifukwa kusukulu anawatcha agogo. Inu ndi amene mukumudziwa. Ngati simukutsimikiza, mufunseni Lachisanu muli awiri: "Mawa ndikanene za dzino lako lija?" Akakana, zisiyeni. Lamulo lake ndi lomweli pa nkhani iliyonse yoseketsa. Anthu aseke naye limodzi mwanayo, asamuseke. Nkhani zokodza pamphasa, zolira tsiku loyamba kusukulu kapena zoba shuga m'kabati zimaseketsa akuluakulu kwa mphindi imodzi, koma Lolemba anzake akazitengera kusukulu.

Tsopano bambo ake. Apa ndi pamene amayi ambiri amapunthwa, chifukwa mtima umafuna kufotokozera alendo chifukwa chake mpando wina uli wopanda munthu. Alendo safunika kufotokozeredwa. M'madera athu a kunyanja kuno palibe amene sadziwa za bambo wopita ku Joni. Musanene kuti "ngakhale ndikukulera ndekha", pakuti umenewo ndi katundu wa akuluakulu ndipo mwana akaumva amayesa kuusenza. Musalonjezenso m'malo mwawo kuti abwera pa Khirisimasi kapena abweretsa njinga, pokhapokha tikiti ili m'manja. Mwana wa zaka 7 amadziwa kale masiku a sabata ndi miyezi, adzawerenga. Chimene mungachite ndi kuwaimbira bambowo lero, muwapemphe chiganizo chimodzi cha kwa mwana wawo, chotchula chinthu chimene awiriwo amachidziwa. Muchilembe monga anenera n'kuchiwerenga m'dzina lawo. Ngati akufuna kutumiza mawu ojambula pa WhatsApp, akhale osapitirira theka la mphindi, ndipo muwatsitsiretu m'foni Lachisanu, chifukwa netiweki imadziwa kuthawa pa nthawi imene anthu makumi awiri akhala chete kudikira. Ngati bambowo sayankha, musapeke mawu oti ndi awo. Ingodumphani gawo limenelo, uthengawo uimabe bwinobwino.

Popeza simunanditchulire dzina, tiyerekeze kuti mwanayo ndi Takondwa, ndipo zochitika zitatuzo ndaziika zongoyerekezanso kuti muone kamangidwe kake. Muzichotse muikemo zanu.

*Ana inu, padangotero!*

(Ana ayankha: Tili tonse!)

*Panali mwana wina, dzina lake Takondwa.*
*Lero mwana ameneyo wakwanitsa zaka zingati? Kwezani zala tiwerenge.*
*Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Dzanja latha!*
*Zisanu n'chimodzi. Zisanu ndi ziwiri!*

*Takondwa mwanawe, mawu awa ndi ako.*
*Tsiku limene unabadwa, agogo ako anakunyamula n'kunena kuti, "Takondwa."*
*Mpaka lero tikukondwabe.*

*Chaka chino ndakuona.*
*Ndinakuona ku Senga Bay ukulemba dzina lako pamchenga.*
*Mafunde anafufuta, iwe unalembanso.*
*Ndinakuona ukunyema chitumbuwa chako, mbali yaikulu n'kupatsa mng'ono wako.*
*Unkayesa sindikuona. Ndinaona.*
*Ndinakuona dzino likugwedera. Unachita mantha, koma unalimba mtima.*

*Adadi ako ali kutali, koma atuma mawu awa:*
*"Takondwa, kanyimbo kathu kaja ndimakaimba tsiku lililonse popita kuntchito."*

*Ukakhoza, ndimakukonda.*
*Ukalakwa, ndimakukondabe.*
*Udzatalika kundiposa, koma udzakhalabe mwana wanga.*

*Mulungu akusunge, akupatse thanzi ndi anzako abwino.*
*Tsopano tonse pamodzi, katatu: Takondwa, kula!*

Ndayamba ndi "padangotero" chifukwa ndi mawu amene ana onse amadziwa yankho lake. M'kalasi ya ana ochuluka, pamene kukuwa kuti "khalani chete" kwalephera, mawu amenewa amatembenuza mitu yonse nthawi imodzi, popeza mwana akangoyankha kuti "tili tonse" ndiye kuti wavomera kumvetsera nthano. Ngati kwanu mumati "padangokhala", nenani momwemo. Kuwerenga zala kuli ndi ntchito yakenso. Kumapatsa ana enawo chochita, ndipo kwa mwana wamanyazi ndi mpumulo, chifukwa maso a anthu ali pa zala zawo pamene iye akuzolowera kumva dzina lake. Ana akayamba okha kuti wani, thuu, fili, musawakonze, tsatirani iwo mpaka pa seveni.

Taonani kuti kuchokera pa "Takondwa mwanawe" mpaka kumapeto ndikunena kuti "iwe", "ako", "unalemba". Musasinthe pakati n'kuyamba kuti "mwana ameneyu amakonda zakuti", chifukwa mukatero mwatembenukira kwa alendo ndipo iye wasanduka chinthu choonetsedwa. Mawu akuti "ndinakuona" ndawabwereza dala. Papepala kubwereza kumaoneka ngati kusowa mawu, koma m'khutu la mwana ndi chingwe chimene amagwira, monga mmene nyimbo ya m'nthano imabwerera.

Nkhani ya dzina muiike ngati dzinalo lili ndi chiyambi chokoma. Maina athu ambiri amanena nkhani, ndipo mwana wa zaka 7 amakondwa kumva kuti lake linachokera kuti ndiponso analipereka ndani. Koma maina ena anabadwira m'masautso, pambuyo pa maliro kapena mkangano wa m'banja. Ngati ndi choncho, nkhani imeneyo idikire mpaka akule. M'malo mwake tchulani amene anamunyamula koyamba, kapena dzina lomusangalatsa limene mumamuitana nalo pakhomo, ngati iye salichita nalo manyazi pa anzake.

Mzere umene ndikupempheni kuti musauchotse ndi wakuti "ukalakwa, ndimakukondabe". Ife makolo tili ndi chizolowezi chomangirira mwambo kumchira kwa chiyamikiro chilichonse: "wakula tsopano, uzimvera, usiye mwano, uzilimbikira sukulu." Ndikudziwa kuti azakhali kapena agogo adzafuna kumva zimenezo, ndipo ena adzati uthenga wopanda malangizo ndi wosakwanira. Ine sindigwirizana nawo. Masiku olangiza mwana alipo 364 pa chaka, ndipo mumawagwiritsa ntchito. Mukaika chidzudzulo mu uthenga uwu, mwana adzakumbukira chidzudzulocho ndi nkhope za anzake pamene chinkanenedwa. Pa msinkhu umene wayamba kudwalitsidwa mtima ndi zizindikiro zofiira za m'kope, afunika kumva kamodzi, momveka, pamaso pa mboni, kuti chikondi chanu sichitsika ndi malikisi.

Dalitso ndalisunga lalifupi komanso lokwana aliyense. Ku Salima ndi kuno ku Nkhotakota, pamkeka umodzi pamakhala ana a kumadrasa ndi ana a Sande sukulu, ndipo "Mulungu akusunge" onse amavomera. Ngati mukufuna pemphero kapena dua yathunthu, mupatse munthu wina nthawi yakeyake, musaisakanize ndi mawu anu. Chimodzimodzi kuthokoza alendo: ndi mwambo wabwino, usasiyidwe, koma auchite azakhali poyambirira kapena inuyo anthu akatha kudya.

Za chilankhulo, werengani m'chimene mumayankhula naye pomusambitsa. Ngati ndi Chichewa, Chichewa. Ngati pakhomo mumasakaniza ndi Chiyao kapena Chitonga, ikanimo mawu amene iye amawamva kwa agogo ake. Ndaonapo makolo akuwerenga uthenga wa Chingerezi wokopera pafoni, mwana akungoyang'ana pansi kudikira kuti zithe, pamene amene ankawafuna kuti agome ndi alendo.

Uthenga ndakupatsaniwu uli ndi mawu pafupifupi 130. Mukauwerenga mosathamanga, kupuma pamene ana akuyankha, utenga mphindi ziwiri kapena kuchepera pang'ono. Musapitirire pamenepo. Wanu mukaulemba, uwerengeni mokweza kukhitchini mutatchera wotchi ya pafoni. Ukapitirira mphindi ziwiri, chotsani chiganizo chimene mukuona kuti munalembera akuluakulu, chimakhalapo nthawi zonse. Pamene lilime lapunthwa kawiri, vuto si lilime, chiganizocho ndi chachitali, chiduleni pakati. Yeserani katatu, mwana asakumveni.

Lembani papepala, osati pafoni. Dzuwa la ku Salima likawala pagalasi la foni simuona kanthu, ndipo foni imazima kapena kulira pakati pa chiganizo. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse ukhale wotha kuunena ndi mpweya umodzi, monga ndachitira pamwambapa. Mukatero mutha kuyang'ana papepala, kunyamula mzere umodzi, n'kuunena mukuyang'ana mwanayo. Ngati ndi nyengo ya mwera ndipo muli panja, pindani pepalalo pakati kapena mulimate pakatoni kuti lisamakupizike m'manja.

Nthawi yowerengera ndi yofunika ngati mawu omwe. Ana akhale atamwa kale kena kake ndi kutafuna mbuliwuli kapena mandasi, chifukwa mwana wanjala samva nthano. Akhale pansi pamthunzi, nyimbo za pasipika zizimitsidwe kotheratu, osati kungotsitsa. Makandulo musayatse mpaka mutamaliza. Akayaka msanga, maso onse apita kumoto, phula liyamba kudonthera pakeke, wina ayamba kukuwa kuti fulumirani, inu n'kumeza mizere yomaliza imene ili yofunika kwambiri. Mukangomaliza "Takondwa, kula!" kachitatu, azakhali ayatse, nyimbo iyambe, mwana auzire.

Mwina mudzalira, makamaka pofika pa mawu a bambo ake. Si cholakwa, koma mwana wa zaka 7 akaona mayi ake akulira amaganiza kuti chinachake chaipa. Muuzeni m'mawa mwake mukumupesa tsitsi kuti, "Ukaona misozi lero usadandaule, ndi yachimwemwe." Mawu akakutsamwani, imani, mugwireni paphewa, pumani kawiri, pitirizani. Azakhali akhale ndi pepala lawo lachiwiri kuti atha kumalizitsa ngati zakanika.

Mmene mungadziwire kuti zikuyenda ndi poyang'ana mwanayo, osati alendo. Akamwetulira n'kuyang'ana pansi, kapena akatembenukira kwa mng'ono wake pamene mwatchula chitumbuwa, mawu afika. Akayamba kukoka diresi, kutsetsereka pampando, kapena milomo ikayamba kunjenjemera, gulu lamukulira. Dumphani zotsalazo mupite pa dalitso, ndipo mudzamuwerengere zonse usiku muli awiri. Ngati pali mng'ono kapena mkulu wake amene akuoneka kuti nsanje yamugwira, mupatseni ntchito: agwire mbale ya keke kapena atsogolere kuwerenga zala.

Phwando likatha musataye pepalalo. Lembani deti pamwamba pake, mulipinde, muliike pamodzi ndi buku lake la kusikelo. Koma musanalisunge, mupatseni aligwire Lamulungu m'mawa. Mwana wa Sitandade 2 amatha kale kulumikiza maphatikizo, ndipo mukamusiya nalo pakhonde mudzamumva akuyendetsa chala pamzere, akutchula pang'onopang'ono kuti ndi-na-ku-o-na.